Ndingaphunzitse bwanji antchito 9 popanda kulemba mphunzitsi wakunja?

Wofunsa: Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndili ndi kampani yaing'ono yogulitsa katundu mopikulitsa, ya antchito 9. Mwezi watha mayi amene amalemba mainivoisi anadwala masiku 8, ndipo ntchito inaimiratu chifukwa panalibe wina wodziwa kulowetsa maoda mu kompyuta. Ndinachezera usiku ndikufufuza m'mafayilo awo, komabe makasitomala awiri analandira mainivoisi olakwika. Ndalama zotumizira anthu ku kosi ndilibe. Kodi dongosolo la maphunziro ndiliyambire pati?

Woyankha woyamba: Bambo, musayambe ndi maphunziro, yambani ndi pepala limodzi. Lembani ntchito zonse motsetsereka, mayina a antchito mopingasa, kenako aliyense mumupatse 0 ngati ntchitoyo saidziwa, 1 ngati amaigwira mothandizidwa, ndi 2 ngati amaigwira yekha. Mzere uliwonse umene uli ndi 2 mmodzi yekha ndi pamene pali ngozi, ndipo mwa mizere yotereyi musankhe iwiri yokha.

Pa mainivoisi, patulani ola limodzi pa sabata, nthawi imene makasitomala amachepa, kwa masabata 4. Sabata yoyamba mayiwo azigwira ntchito wophunzira akuonerera ndi kulemba ndondomeko yonse. Wolemba akhale wophunzirayo, chifukwa munthu amene anazolowera ntchito amadumpha tinthu timene amationa ngati todziwikiratu. Sabata yachiwiri agwirire limodzi, yachitatu wophunzira agwire yekha mayiwo ali pambali osakhudza kompyuta, ndipo yachinayi alembe mainivoisi enieni 10 amene aziunikidwa asanatumizidwe. Akalakwitsa oposa imodzi, abwereze sabata yachitatu. Akakhoza, muzimusiyira ntchitoyo tsiku limodzi pa mwezi, apo ayi aiwala.

Woyankha wachiwiri: Zonsezo n'zotaya nthawi. Pa intaneti pali mavidiyo aulere ophunzitsa mapulogalamu a zowerengera ndalama, ingowatumizirani aonere kunyumba.

Woyankha woyamba: Vidiyo iwaonetsa podina, koma siingawauze kuti kasitomala uti amachotseredwa mtengo kapena kuti katundu wobwezedwa amalembedwa bwanji pa kampani imeneyo, ndipo kawirikawiri zolakwika zimachokera pamenepo.

Woyankha wachitatu: Ine ndinaphunzitsa mnyamata kwa miyezi 6, atangodziwa ntchito anakalowa kampani ina. Muwasainitse kaye pangano lakuti sachoka msanga.

Wofunsa: Zikomo nonse. Pepalalo ndalemba, ndipo mizere ya munthu mmodzi yatuluka 5, itatu mwa iyo ndi ya ine ndemwe, zimene sindinaziyembekezere. Za pangano sindikuziona bwino, popeza palibe ndalama ya kosi imene ndingati andibwezere. Chandivuta n'chakuti nditawauza mayi aja za dongosololi anangoti zii, kenako anandifunsa ngati ndikukonza zowachotsa ntchito. Kodi alipo amene anakumanapo ndi zoterezi, ndipo anawamasula bwanji?