Alamu ya Grafana ikundivutitsa: ndisinthe nthawi yodikira kapena ndigwiritse ntchito avereji?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi sensa yoyeza kutentha m'chipinda cha maseva. Prometheus imatenga manambala ake masekondi 15 aliwonse, ndipo ine ndimawaonera pa Grafana.

Pa girafu ndinaika mzere wofiira pa madigiri 27 kudzera mu Thresholds. Ndikudziwa kuti mzerewo ndi wongoonera ndi maso, sutumiza uthenga, choncho ndinapanganso lamulo la alamu palokha: IS ABOVE 27, liziyesedwa mphindi iliyonse, Pending period mphindi 2.

Vuto ndi lakuti makina oziziritsa akamazima ndi kuyaka, kutentha kumangovinavina pamzere pomwepo, 26.8 kenako 27.3 kenako kutsikanso. Uthenga wa Firing ukabwera, pasanathe mphindi zisanu wa Resolved wafika, usiku wonse. Anzanga ayamba kungoiyang'ana foni osatsegula, ndipo zimenezi ndi zomwe zikundiopsa.

Ndaganiza zotenga avereji motere:

```
avg_over_time(room_temp_celsius[10m])
```

Koma avereji imachedwa. Makina oziziritsa atafa zenizeni, chipinda chimatentha msanga, ndiye sindikufuna kumva mochedwa. Komanso girafu izionetsa nambala ina, alamu ikuyesa ina, munthu n'kumadabwa kuti mzere wadutsidwa koma kuli zii.

Kodi Recovery threshold ingathetse zimenezi, kuti alamu izilira pa 27 koma izikhala chete kutentha kukatsika pansi pa 26? Inu amene munaiyesapo, mumasiya mpata waukulu bwanji pakati pa manambala awiriwa? Nanga Pending period mumaisiya momwemo, kapena mumaikweza?