Thandizeni, machila awiri akuyenda koma alendo akuti kukutentha

Membala wosatchula dzina: Akuluakulu a zoziziritsa, ndathedwa nzeru. Ndimagwira pa hotela ina ku Lilongwe, tili ndi machila awiri, makina oziziritsa madzi, a 350 kW iliyonse, mapampu awiri a pulayimale okankha madzi m'machila, awiri a sekondale okankha madzi kupita m'zipinda. Mapulani akuti madzi azituluka pa 6°C n'kubwerera pa 12°C. Ndikayatsa chila imodzi zipinda za m'mwamba zimatentha. Ndikayatsa zonse ziwiri madzi akubwerera pa 8.5°C basi, bilu ya magetsi yakwera, abwana akuloza ine. Amene anamanga dongosololi foni sayankha, ovataimu ya Okutobala sindinalandirebe, mnzanga wausiku amangogona. Nditani?

Mjomba wa ku Joni: IKANI VALAVU YOLETSA MADZI KUBWERERA pa dikapula, paipi yolumikiza madzi opita ndi obwerera pakati pa pulayimale ndi sekondale, nkhani yatha. Kuno timatero. Amalawi mumakonda kuvutika ndi zinthu zazing'ono.

Bambo a Chiko: Gasi ali bwino? Ine furiji yanga ya m'golosale inkatero, kupeza gasi anathawa.

Mjomba wa ku Joni: Bambo, iyi si furiji ya mafizesi.

Mayi Nachisale: Achimwene, za ovataimu tamva, koma chofunika simunanene. Madzi opita kunyumba akadutsa dikapula ali pa madigiri angati? Ndipo pa makoyilo, timapaipi toziziritsa mpweya wa m'zipinda, pali mavalavu anjira ziwiri kapena zitatu? Tiyeni tiwerenge. Chila ya 350 kW pa ΔT ya 6, kusiyana kwa madigiri a madzi opita ndi obwerera, imafuna malita 14 pa sekondi. Tinene kuti nyumba ikufuna 300 kW, koma makoyilo akutenthetsa madzi ndi madigiri 3 okha. Ndiye kuti sekondale ikukoka malita 24. Chila imodzi ikupereka 14, otsala 10 aja akuchokera m'madzi obwerera, akudutsa pa dikapula chobwerera m'mbuyo. Pa sikirini ya chila muona 6°C n'kumati zili bwino, pomwe opita m'mwamba asakanikirana afika pa 8°C. Koyilo ikalandira madzi ofunda valavu imatsegukiratu, pampu n'kumakoka ochulukirapo, vuto n'kumakula lokha. Mukayatsa yachiwiri kusakanikirana kumatha, koma chila iliyonse ikunyamula 150 kW, osafika ndi theka lomwe. Bilu yanu ndi imeneyo.

Mjomba wa ku Joni: Mwaona? Madzi akubwerera m'mbuyo. Ndanena kale, VALAVU.

Mayi Nachisale: Mjomba, valavu yanuyo ikatseka, mapampu a pulayimale ndi a sekondale amakhala pa mzere umodzi, madzi onse n'kukakamizidwa kudutsa mu evapoleta, moziziritsira madzi mu chila. Ena amachitadi, koma ayambe aona malire a madzi amene wopanga chila analemba. Komanso makoyilo akhala akubwezabe madzi ozizira, simunachize chilichonse.

Mjomba wa ku Joni: Zaka zonsezi ndikuika, palibe chinaphulikapo.

Chemwali Tee: Inu nkhani ya ovataimuyo musaisiye, pitani ku ofesi ya zantchito. Ine anandidyera miyezi yambiri mpaka ndinangosiya.

Gogo Mapaipi: Ana a masiku ano kukhulupirira kompyuta. Tengani choyezera cha m'manja, sendani pang'ono chokutira paipi, yezani polowa ndi potuluka pa koyilo iliyonse masana kukutentha. Yomwe ikubweza pansi pa 10°C ilembeni. Ndi fumbi la mwezi uno mafyuluta amatsekeka, mpweya umachepa, koyilo siitenthetsa madzi. Kwina ndinapeza koyilo yolumikizidwa mozondoka, madzi ozizira akulowera mbali yomwe mpweya ukulowera. Inakhala choncho chimangireni nyumbayo.

Membala wosatchula dzina: Pepani ndinali pa shifiti. Za mavalavu sindinayang'ane, ali m'siling'i ndipo makwerero anabwereka a kukhitchini. Mapampu a sekondale onse ali pa `HAND`, akuonetsa `50.0 Hz`. Tinawaika choncho alendo atadandaula.

Mayi Nachisale: Ndiye mumabisiranji zimenezi? Pampu ikamathamanga mapeto, mavalavu apafupi amalephera kutseka bwino, madzi amangodutsa. Bwezerani pa `AUTO`, muone kuti sensa ya kusiyana kwa puresha ili chakumapeto kwa paipi yakutali, osati pakamwa pa pampu. Tsitsani mulingo wake pang'onopang'ono mpaka valavu ya chipinda chakutali itsale pang'ono kutsegukiratu. Muonenso mulingo wa mpweya wotuluka, wina akauika pa 10°C pomwe koyilo inapangidwira 13°C, valavu siidzatseka mpaka kalekale. Koma mukapeza mavalavu anjira zitatu, zonsezi zithandiza pang'ono chabe, chifukwa iwo amalambalalitsa madzi a 6°C kupita nawo kobwerera.

Gogo Mapaipi: Sensayo ikhoza kukhala inafa, n'chifukwa chake zipinda zinayamba kutentha. Aiyese kaye asanabweze pa `AUTO`.

Mjomba wa ku Joni: Muchita zonsezo, mudzandifunabe. Ndikubwera Disembala, valavu ndingakugulireni kuno.

Bambo a Chiko: Komabe gasi mumuone.