Phokoso lija la pansi pa mipando mu A320, ndi chiyani?

Mayi a mapasa: Akuluakulu ndithandizeni. Ndinakwera Airbus A320, ndipo akuliza injini pansi pa mipando panamveka phokoso ngati galu akuuwa. Titatera linabwerezanso. Mwezi wamawa ndibwerera pa ndege ya mtundu womwewo ndili ndi ana. Ndisinthe tikiti?

Wa ku Joni: Ndi agalu enieni amenewo mayi, anthu amawanyamula kumene kumakhala katundu.

Makaniko wa mathirakitala: Ayi, imeneyo ndi pampu ya haidiroliki. Yanga ikalira choncho ndimadziwa kuti oyilo wachepa. Mwina ankabwereka oyilo ku thanki ina.

Injiniya wa ndege: Musasinthe tikiti mayi. Achimwene mwalasa pa pampu, koma oyilo sabwerekana. A320 ili ndi njira zitatu za oyilo, GREEN, YELLOW ndi BLUE, iliyonse ndi thanki yake ndi mapaipi ake, pa presha ya 3000 psi. Woyendetsa akapendeketsa ndodo, valavu imatsegukira oyilo kuti akankhe pisitoni, pisitoniyo n'kusuntha chipapiko cha kuphiko kapena kumchira. Dzanja la munthu silingalimbane ndi mphepo ya liwiro limenelo.

GREEN imapopedwa ndi injini yakumanzere, YELLOW ndi yakumanja, BLUE ndi pampu yamagetsi. Chimene munamvacho ndi PTU, chipangizo chopatsirana mphamvu pakati pa GREEN ndi YELLOW. Presha ya GREEN ndi ya YELLOW zikasiyana ndi 500 psi, mbali yamphamvu imazunguza shafiti yopopera mbali yofooka. Presha ikafanana chimaima, ikatsika chimayambanso, ndiye kuuwa kuja. Zimachitika kawirikawiri injini imodzi ikamalira inzake isanalire kapena itazimitsidwa. Chimadutsa ndi mphamvu yokha, chifukwa oyilo akanamasakanikirana, paipi imodzi yoboola ikanakhuthula zonse ziwiri.

Mayi a mapasa: Nanga ikaboola ya matayala tili m'mwamba?

Injiniya wa ndege: Matayala ali pa GREEN. Oyilo akatha, chenjezo limatuluka pa sikirini, ndipo PTU amaizimitsa kuti isatenthe popopa popanda kanthu. Potera woyendetsa amapukusa chogwirira katatu, maloko amamasuka, matayala amagwa ndi kulemera kwawo. Kuwakwezanso ndiye sizitheka, ndipo zitseko zake zimatsala pululu. Mabuleki amasamukira ku YELLOW. Chiwongolero cha kumchira chimalandira ku njira zonse zitatu, choncho sichifa.

Wa ku Joni: Njira zitatu ngati zimenezo sizinapulumutse ndege ya DC-10 ya ku Sioux City ku America mu 1989 paja. Injini yakumchira inaphulika n'kudula zonse.

Injiniya wa ndege: Zoona, mapaipi onse atatu ankadutsa moyandikana kumchirako, ndipo anthu oposa 100 anafa. Kuchuluka pakokha sikukwanira, mapaipi azidutsa kotalikirana. Ndege ya Airbus A380 ili ndi njira ziwiri zokha za oyilo pa 5000 psi, kuwonjezapo ziwiri zamagetsi.

Makaniko wa mathirakitala: Magetsi ine sindiwakhulupirira. Oyilo akamadontha ndimamuona pansi, nanga waya akamapsa mkati mumamuona bwanji?