Zikomo: ndabwera ndi mayankho pa nkhani ya ngongole zija

Funso langa linali lakuti: "Ndiyambe kubweza ngongole yaing'ono kapena ya chiwongoladzanja chachikulu?"

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinatsatira uja anati ndiwerengetse kaye chiwongoladzanja cha ngongole iliyonse pamwezi, m'makwacha. Ngongole zinali zitatu: K60,000 ya pagolosale yopanda chiwongoladzanja, K150,000 ya kubanki nkhonde pa 20% pamwezi, ndi K400,000 ya ku SACCO pa 3% pamwezi. Yakubanki nkhonde inkabala K30,000 mwezi uliwonse, ya ku SACCO K12,000 yokha, chonsecho ndiyo yaikulu.

Ndikalipira chiwongoladzanja ndi gawo la ku SACCO, ndinkatsala ndi K60,000. Njira yoyambira kubweza ngongole yaing'ono ikanatseka golosale mwezi woyamba, mtima n'kukhala m'malo, koma K150,000 ija ikanakhala osakhudzidwa. Ndinaponya K60,000 yonse kubanki nkhonde, ngongole inatsika kufika K90,000, chiwongoladzanja n'kukhala K18,000. K12,000 yopulumukayo ndinaiwonjezera pa mwezi wachiwiri, kunatsala K18,000 basi. Mwezi wachitatu ndinamaliza, n'kutsekanso golosale.

Chenjerani ndi kuyerekeza chiwongoladzanja chapamwezi ndi chapachaka: 36% pachaka imaoneka yoopsa kuposa 20% pamwezi, pomwe ndi 3% chabe pamwezi. Funsaninso ngati chiwongoladzanja chimatsika mukabweza msanga, chifukwa kwina amachiwerengera pa ndalama yonse munatenga poyamba, ndiye kufulumira sikupulumutsa kanthu. Wagolosale ndinamuuziratu tsiku lomulipira, apo ayi akanasiya kundikongoza sopo ndi shuga.