Yankho la funso la invoisi imene yachedwa masabata awiri

"Kasitomala wanga sanalipire invoisi, padutsa masabata awiri. Ndimulembere imelo yotani yomukumbutsa popanda kumukhumudwitsa?"

Poyankha funsoli, kungoti "lembani mwaulemu" sikukwanira. Musanalembe, yang'anani sitetimenti ya kubanki ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba. Anthu ena amalipira osatchula nambala ya invoisi, ndalama n'kulowa osadziwika mwini wake, ndipo kukumbutsa munthu amene analipira kale kumaononga ubale.

Pamutu pa imelo pakhale nambala ya invoisi ndi tsiku limene inayenera kulipiridwa. M'kati mwake mungalembe chonchi, mwachitsanzo: "Bambo, tikukhulupirira kuti muli bwino. Timafuna tingokukumbutsani za invoisi nambala 0147 ya K350,000, imene inayenera kulipiridwa pa 3 Juni. Taitumizanso pamodzi ndi kalata ino. Ngati mwalipira kale, chonde titumizireni umboni wake. Ngati simunalipire, tiuzeni tsiku limene tingayembekezere ndalamazi, kapena ngati pali cholakwika pa invoisiyi. Zikomo kwambiri."

Kufunsa za cholakwikako n'kofunika, chifukwa kumakampani invoisi imaima ikasowa nambala ya oda kapena nambala ya msonkho ya TPIN, nthawi zinanso ikapita kwa amene anaoda katundu m'malo mwa a ku akaunti. Choncho atumizireninso a ku akauntiwo.

Za chiwongoladzanja ndi maloya musazitchule m'kalata yoyambayi. Pakadutsa masiku 5 a ntchito ali chete, imbani foni, chifukwa mwina imeloyo inagwera mu Spam.