Sipuredi ya maputi yandisiyira masheya 500 ndili mtulo

Kadzidzi: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndinagulitsa maputi asanu a sitirayiki 50, maopishoni opatsa wowagula ufulu wondigulitsa masheya 100 pa puti iliyonse pa mtengo wa 50, ndi kugula asanu a 48 pa sheya ina ya ku America, ndipo ndinalandira pulimiyamu ya madola 300. Powerengera, ndalama zambiri zomwe ndikanataya zinali madola 700. Msika wa ku New York umatseka kuno ili 10 kapena 11 koloko usiku, choncho Lachisanu, tsiku lothera maputiwo, ndinagona sheyayo ili pamwamba pa 50, ndipo inatsekadi pa 50.20. Loweruka ndinapeza masheya 500 mu akaunti, ogulidwa pa madola 25,000, maputi anga a 48 atatha mphamvu. Lolemba msika unatsegukira pa 45. Kuwonjezera apo, buloka anasintha yekha ndalama zanga kukhala madola, nadula 0.5 peresenti popita ndi inanso pobwera. Kodi puti yomwe sheya yake yatseka pamwamba pa sitirayiki ingandipatse bwanji masheya, nanga munthu amene sangakhale maso mpaka msika utatseka achite chiyani?

Mbewe: Achimwene, mukanaika sitopu, lamulo lotseka malonda mtengo ukafika pamene mwaika, zonsezi sizikanachitika. Ine sindigona ndisanaike sitopu.

Nachisale: A Kadzidzi, buloka sanalakwitse pa nkhani ya masheyayo. OCC, bungwe loyendetsa malipiro a maopishoni ku America, imagwiritsa yokha ntchito opishoni imene yalowa m'phindu ndi senti imodzi potseka, koma mwini opishoni ali ndi ufulu wolamula mosiyana mpaka 5:30 madzulo nthawi ya ku New York, ngakhale mabuloka ambiri amatseka khomoli msanga. Masheya amapitiriza kugulitsidwa msika utatseka, pamene malonda a opishoni za sheyayo aima. Ngati kunatuluka nkhani yoipa ndipo mtengo unatsikira cha pa 49, amene anali ndi maputi a 50 anaona phindu la dola pa sheya iliyonse ndipo anakutulirani masheyawo. Maputi anu a 48 analibe ntchito pa mtengo umenewo, moti ngakhale mukanakhala maso sakanakuthandizani usiku umenewo. Malire a madola 700 aja amakhalapo pokhapokha miyendo yonse iwiri ya sipuredi, maputi a 50 ndi a 48, ikadali yamoyo. Umodzi utafa, munatsala ndi masheya opanda chitetezo kwa masiku awiri, ndipo kutsika kuchoka pa 50 kufika pa 45 ndi madola 2,500, kuchotsapo 300 munalandira.

Mbewe: Ndiye chifukwa chake ndikunena za sitopu, mayi.

Nachisale: A Mbewe, sitopu ikanagwira pati? Msika uli wotsegula mtengo sunafike poiyambitsa. Lolemba ikanagulitsa pa 45, chifukwa mtengo unalumpha ndipo panalibe wogula pa 49 kapena pa 47.

Gondwe: Nkhani ya nthawiyi inandipwetekanso mwanjira ina. America imasintha mawotchi Lamlungu lachiwiri la Malichi ndi Lamlungu loyamba la Novembala, pamene kuno sitisintha. Chaka china mu Malichi ndinatchera alamu kuti nditseke opishoni ya kolo kutatsala theka la ola, koma podzuka msika unali utatseka kale. Kuyambira pamenepo wotchi ya pa kompyuta yanga ya malonda imasonyeza nthawi ya ku New York basi.

Kadzidzi: Zikomo mayi Nachisale. Nanga kusintha ndalamaku? Anadula madola 125 pogula ndi pafupifupi 113 nditagulitsa, zomwe zatsala pang'ono kudya pulimiyamu yonse.

Jere: Pamenepa ndi pamene ambiri sitiwerengera bwino. Timayang'ana mtengo wosinthira pa madola 300, koma masheya akabwera umawerengedwa pa 25,000. Funsani ngati akaunti yanu ingasunge madola, kuti musinthe kamodzi nokha ndi kuzimitsa kusintha kochitika pa malonda aliwonse. Kapena sinthirani ku XSP, opishoni yaing'ono ya indekisi ya S&P 500, chifukwa kumeneko kulibe kulumpha kwa mtengo.

Nachisale: Mbali yoyambayo ndikugwirizana nayo, bambo Jere, bola akumbukire kuti akasunga madola, phindu lake lizikwera ndi kutsika ndi mphamvu ya dola. Koma XSP imalumphanso usiku. Ubwino wake ndi wakuti, monga SPX yomwe ndi mkulu wake, imalipiridwa ndi ndalama osati masheya, ndipo mwini wake sangaigwiritse ntchito tsiku lake lisanakwane, choncho miyendo yonse imathera pa mtengo umodzi. Pa masheya wamba, ine ndimaika lamulo la GTC, lomwe limakhalapo mpaka utalifafaniza, logulanso sipuredi ikatsika mtengo, ndipo ngati silinagwire pofika Lachinayi ndimatseka ndekha ndisanagone, ngakhale zitanthauze kulipira masenti asanu kapena khumi pa sheya. Ndimapewanso sabata imene kampani ikulengeza zotsatira za malonda ake.

Mbewe: Kulipira masenti khumi sabata iliyonse ndi kutaya ndalama pang'onopang'ono. Ine ndikadali pa sitopu.

Gondwe: A Jere, buloka wanuyo amapereka chiwongoladzanja pa madola ongokhala mu akaunti, kapena amangowasunga?