Zija za f'(x) = 0 zatheka

Funso langa linali ili: "Pa f(x) = x⁴ − 4x³ ndapeza f'(x) = 4x²(x − 3), ziro pa x = 0 ndi x = 3. Kodi pa x = 0 ndi makisimamu kapena minimamu?"

Zikomo nonse amene munayankha, makamaka inu achimwene aku Ndirande amene munati ndiyese manambala mbali zonse ziwiri. Ndinachitadi zimenezo dzulo usiku.

Pa x = −1 ndinapeza f'(x) = −16, pa x = 1 ndinapeza −8. Konseko ndi negetivu, chizindikiro sichinasinthe. Ndiye kuti girafu ikutsika, ikugona pang'ono pa ziro, kenako ikupitiriza kutsika. Palibe makisimamu, minimamunso palibe. Chifukwa chake ndi x² uja, sangakhale negetivu. Pa x = 4 pakutuluka 64, choncho pa 3 girafu yasiya kutsika yayamba kukwera, minimamu ndi f(3) = −27. Ikanachoka kokwera n'kuyamba kutsika, ikanakhala makisimamu.

Cholakwa changa (manyazi ndithu) ndinkayesa −1 ndi 4, kudumpha 3, n'kumati pa ziro pali minimamu. Nambala yoyesera isadumphe malo ena pomwe f'(x) ili ziro.